Kompyuta sidziwa Khirisimasi: kuphunzitsa ntchito zoyamba zokha kudumpha tchuthi

M'chaka cha 2026, tsiku la 25 likugwa posagwira ntchito kasanu. Mu Januwale ndi mu Okutobala likugwa Lamulungu, mu Epulo ndi mu Julayi likugwa Loweruka, ndipo mu Disembala ndi Lachisanu koma la Khirisimasi. Kwa kampani imene imalipira antchito ake pa 25 mwezi uliwonse, ndiye kuti miyezi isanu mwa khumi ndi iwiri pamafunika wina aganize: kodi ndalama zipite tsiku lisanafike, kapena litadutsa? Kale ankaganiza zimenezi ndi akalaliki a ku ofesi ya malipiro, atayang'ana kalendala ya pakhoma. Masiku ano m'maofesi ambiri ntchitoyi anaisiyira kompyuta, imene imadzuka yokha pa nthawi yoikika n'kutumiza fayilo ku banki, kulemba lipoti kapena kukumbutsa angongole. Kompyutayo imasunga nthawi kuposa munthu, koma za tchuthi sidziwapo kanthu pokhapokha wina aiuze.

Chimene kompyuta imadziwa kale

Pa makompyuta akuluakulu a m'maofesi, amene akatswiri amati maseva, kapulogalamu kodziwika kwambiri kodzutsa ntchito ndi `cron`. Kanayamba kalekale pa makina a Unix ndipo lero kamapezeka pa makina ambiri a Linux. Munthu amalemba mzere umodzi wonena nthawi ndi ntchito yoti ichitike, basi. Nthawiyo imalembedwa m'magawo asanu motsatana: mphindi, ola, tsiku la mwezi, mwezi, ndi tsiku la sabata. Kanyenyezi kamatanthauza kuti paliponse m'gawo limenelo ndi pololedwa.

```
0 6 * * 1-5 python3 /opt/ntchito/lipoti.py
```

Mzere uwu ukunena kuti lipoti lilembedwe 6 koloko m'mawa, kuyambira Lolemba, lomwe ndi 1, mpaka Lachisanu, lomwe ndi 5. Loweruka ndi Lamulungu zadumphidwa popanda vuto, chifukwa masiku a sabata amayenda mozungulira ndipo kompyuta imawawerenga yokha. Koma pa 6 Julayi 2026, Lolemba, Amalawi akukondwerera ufulu wodzilamulira maofesi ali otseka, `cron` adzadzutsa ntchitoyo monga mwa masiku onse. Ali ngati tambala: amalira m'bandakucha kaya kuli ukwati kaya kuli maliro.

Pali msampha umodzi umene umakola anthu ambiri pamenepa. Munthu amafuna kuti malipiro achitike pa 25 pokhapokha ngati tsikulo ndi la ntchito, ndiye amalemba `0 6 25 * 1-5`, poganiza kuti zonse ziwiri ziyenera kukwaniritsidwa. Koma `cron` sawerenga choncho. Magawo awiri a tsiku akadzazidwa onse, iye amadzutsa ntchito ngati limodzi lokha mwa awiriwo lagwirizana ndi lero. Mzere umenewu ndiye umayendetsa malipiro Lolemba lililonse mpaka Lachisanu, n'kuwonjezeranso pa 25 ngakhale likhale Lamulungu. Amene walemba zotere amadziwa mwamsanga, chifukwa m'mawa wotsatira banki imakhala yalandira fayilo imene palibe ankaiyembekezera.

N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi sakakamiza `cron` kuganiza. Amamusiyira ntchito imodzi yokha, yodzutsa pulogalamu tsiku lililonse, ndipo pulogalamuyo ikadzuka imayamba yafunsa kalendala ngati lero kuli koyenera kugwira ntchito. Kalendala imeneyi ndi zinthu ziwiri zophatikizana: mndandanda wa masiku a sabata amene anthu amagwira ntchito, ndi mndandanda wa masiku a tchuthi.

Matchuthi sali amtundu umodzi

Kulemba mndandanda wa tchuthi kumaoneka kophweka mpaka munthu atayamba. Ena ali ndi tsiku lokhazikika. Ku Malawi tili ndi 1 Januwale, tsiku la John Chilembwe pa 15 Januwale, tsiku lokumbukira ofera ufulu pa 3 Malichi, la apantchito pa 1 Meyi, la Kamuzu pa 14 Meyi, la ufulu pa 6 Julayi, la anakubala pa 15 Okutobala, kenako 25 ndi 26 Disembala. Awa savuta, koma ali ndi mchira wake: tchuthi chikagwa Loweruka kapena Lamulungu, anthu amapuma Lolemba lotsatira. Mu 2026, tsiku la 26 Disembala ndi Loweruka, choncho Lolemba pa 28 liyenera kulembedwa m'kalendala ngati tsiku lopuma. Pulogalamu imene ili ndi 26 yekha idzaona 28 ngati Lolemba wamba.

Ena amasuntha chaka ndi chaka koma amawerengeka pasadakhale. Isitala imatsata mwezi wa kumwamba ndipo imagwa pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo. Mu 2025 inali pa 20 Epulo, mu 2026 ili pa 5 Epulo, mu 2027 idzakhala pa 28 Malichi. Lachisanu Loyera ndi Lolemba la Isitala zimasuntha nayo limodzi. Wokopera mndandanda wa chaka chatha n'kungosintha nambala ya chaka amalakwitsa masiku awiri amenewa nthawi yomweyo.

Mtundu wachitatu ndiwo wovutitsitsa, chifukwa palibe masamu amene angaupeze motsimikiza. Idi ya kumapeto kwa Ramadani imabwera msanga ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, koma tsiku lenileni limadziwika mwezi ukaoneka, nthawi zina usiku womwewo woti mawa ndi tchuthi. Palinso masiku amene boma limangolengeza, monga tsiku lovota kapena la maliro a mtsogoleri. Ku Britain, Mfumukazi Elizabeth II atamwalira pa 8 Sepitembala 2022, tsiku la maliro awo, Lolemba pa 19 Sepitembala, linalengezedwa kukhala tchuthi. Kalendala zonse zimene zinalembedwa kumayambiriro kwa chakacho zinalibe tsiku limeneli, ndipo anthu anayenera kuliwonjezera pamanja pasanathe masabata awiri.

Apa m'pamene pakuchokera lamulo loyamba: matchuthi asalembedwe m'kati mwa pulogalamu. Akhale m'fayilo yapadera kapena m'tebulo limene munthu wa ku ofesi angasinthe madzulo popanda kuitana wolemba mapulogalamu. Fayiloyo ikhoza kungokhala mizere ya madeti, chaka poyamba, kenako mwezi ndi tsiku:

```
2026-04-03
2026-04-06
2026-07-06
2026-12-25
2026-12-28
```

Kudumpha n'kosiyana ndi kusuntha

Kalendala ikakhalapo, funso lalikulu limatsala: tsiku likakhala losagwira ntchito, ntchitoyo ichite chiyani? Pali ntchito zimene zimangofunika kudumpha. Uthenga wa m'mawa wouza oyang'anira nthambi za ndalama zimene zatsala ulibe wouwerenga pa Khirisimasi, ndiye ukapanda kutumizidwa palibe chotayika. Koma malipiro sadumphidwa. Ngati pa 25 ndi tchuthi, ndalama ziyenera kupitabe, tsiku lina. Pulogalamu imene imangoti “lero ndi tchuthi, ndagona” ikaikidwa pa malipiro a Disembala, antchito sadzalandira kanthu mpaka wina akadandaule.

Tiyeni titsate nkhani ya Disembala 2026 pang'onopang'ono. Tiyerekeze kuti kampani imalipira pa 25, ndipo inagwirizana ndi banki yake kuti fayilo ya malipiro izifika kutatsala masiku awiri a ntchito. Pa 25 ndi Lachisanu la Khirisimasi. Kampani ikasankha kubwerera m'mbuyo, tsiku la ntchito loyandikira ndi Lachinayi pa 24. Kuchoka pamenepo, masiku awiri a ntchito m'mbuyo ndi Lachitatu pa 23 ndi Lachiwiri pa 22. Fayilo iyenera kunyamuka pa 22. Ikasankha kupita kutsogolo, pa 26 ndi Loweruka, pa 27 ndi Lamulungu, pa 28 ndi tsiku lopuma lija, ndipo ndalama zifika Lachiwiri pa 29, Khirisimasi itadutsa anthu ali chimanjamanja. Kusiyana kwa njira ziwirizi ndi masiku asanu, ndipo si kompyuta yoyenera kusankha. Asankhe ndi eni ntchito, alembe chimene asankhacho, wolemba pulogalamu angotsatira.

M'chinenero cha makompyuta cha Python muli chida chotchedwa NumPy chimene chimachita masamu amenewa:

```python
import numpy as np

matchuthi = open("matchuthi.txt").read().split()
kal = np.busdaycalendar(weekmask="1111100", holidays=matchuthi)

np.busday_offset("2026-12-25", 0, roll="backward", busdaycal=kal)   # 2026-12-24
np.busday_offset("2026-12-25", -2, roll="backward", busdaycal=kal)  # 2026-12-22
np.busday_offset("2026-12-25", 0, roll="forward", busdaycal=kal)    # 2026-12-29
```

Manambala asanu ndi awiri a `weekmask` akuimira masiku kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu: 1 ndi tsiku la ntchito, 0 ndi lopuma. Ofesi yotsegula Loweruka ingalembe `1111110`. Mawu a `roll` ndiwo akunena kolowera tsiku likagwa pa tchuthi, kumbuyo kapena kutsogolo. Chidachi chimayamba chasuntha tsikulo kuti ligwe pa tsiku la ntchito, kenako n'kuwerenga masiku amene chauzidwa. Ndondomeko imeneyi ndiyo yatipatsa 22. Munthu wongochotsa masiku awiri pa 25 akanapeza 23, ndipo fayilo ikanachedwa ndi tsiku limodzi.

Pali njira yachitatu imene amabanki amakonda pa ngongole ndi mapangano ena. Tsiku limapita kutsogolo, koma likati lidumphire m'mwezi wina limabwerera m'mbuyo. Pa 31 Okutobala 2026 ndi Loweruka. Kupita kutsogolo kungafikitse pa 2 Novembala, ndipo ndalama za Okutobala zingalembedwe m'mabuku a Novembala. Polemba `roll="modifiedfollowing"`, yankho limakhala Lachisanu pa 30 Okutobala, mwezi usanathe.

Pulogalamu ya malipiro ndiye imayenda motere. Imadzuka m'mawa uliwonse, imawerengera tsiku lotumiza fayilo la mwezi uno, n'kuliyerekeza ndi lero. Ngati silinafike, imalemba m'kaundula wake kuti lero palibe chochita, n'kugona. Likafika, imatumiza fayilo n'kulemba kuti malipiro a mwezi uno apita. Chizindikiro chimenechi n'chofunika pa zifukwa ziwiri. Choyamba, magetsi akazima kapena seva ikafa m'mawa wa pa 22, `cron` sabwerera kukachita zimene zinamuphonya. Pulogalamu yofunsa kuti “kodi lero ndi pa 22?” idzayankha ayi pa 23, n'kudikira Januwale. Yofunsa kuti “kodi tsiku lafika kapena ladutsa, ndipo sindinatumize?” idzatumiza pa 23 n'kuchenjeza kuti yachedwa. Chachiwiri, wina akaiyendetsa kawiri mwangozi, chizindikirocho chimaletsa kuti anthu alipidwe kawiri.

Dzulo la Lachiwiri likhoza kukhala Lachinayi

Ngakhale ntchito zongodumpha zili ndi vuto lake lobisika. Taganizani za sitolo imene makasitomala ake amalipira pa foni usana ndi usiku, ndipo m'mawa uliwonse wa ntchito kompyuta imalemba lipoti la ndalama zimene zinalowa dzulo. Lachinayi pa 2 Epulo 2026 lipoti lidzanena za Lachitatu pa 1. Kenako kudzabwera Lachisanu Loyera, Loweruka, Lamulungu la Isitala ndi Lolemba la Isitala, masiku anayi ntchito ili chigonere. Ikadzuka Lachiwiri pa 7, ngati mawu oti dzulo akutanthauza kuchotsa tsiku limodzi, idzangonena za Lolemba pa 6. Ndalama za pa 2, pa 3, pa 4 ndi pa 5 sizidzaoneka m'lipoti lililonse.

Palibe uthenga wa vuto umene udzatuluke, chifukwa kwa kompyuta zonse zayenda bwino. Cholakwikacho chimaonekera kumapeto kwa mwezi, owerengera ndalama akaphatikiza malipoti a tsiku ndi tsiku n'kupeza kuti sakufika pa ndalama zimene zili ku banki. Mukaona kuti zoperewerazo zikufanana ndendende ndi malonda a Lachisanu, Loweruka ndi masiku amene mawa lake ndi tchuthi kapena tsiku lopuma, musayambe n'kukayikira anthu. Yang'anani kaye mmene pulogalamu ikuwerengera dzulo. Mankhwala ake ndi akuti lipoti lililonse liziyambira pamene lapitalo linathera. La pa 7 Epulo liyenera kutenga masiku asanu, kuyambira pa 2 mpaka pa 6.

Lero la kuti?

Maseva ambiri obwereka pa intaneti sali kuno, ndipo mawotchi awo amakhala pa nthawi ya dziko lonse yotchedwa UTC. Nthawi ya ku Malawi ili patsogolo ndi maola awiri. Masana izi sizisokoneza deti, koma usiku zimasokoneza. Ntchito yoti iyambe 1 koloko usiku wolowera Lolemba kuno imayamba seva ikadali pa 11 koloko usiku wa Lamulungu. Pulogalamu ikafunsa seva kuti lero ndi liti, imauzidwa kuti Lamulungu, ndipo imadumpha. Loweruka 1 koloko usiku imauzidwa kuti Lachisanu, ndipo imagwira ntchito. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchizindikira: ntchito imasowa Lolemba lililonse koma imaoneka Loweruka, ndipo tchuthi imapuma mochedwa ndi tsiku limodzi. Pothana nazo, pulogalamu izitchula dera pofunsa deti:

```python
from datetime import datetime
from zoneinfo import ZoneInfo

lero = datetime.now(ZoneInfo("Africa/Blantyre")).date()
```

Funso lofanana nalo ndi lakuti kalendalayo ndi ya yani. Kampani ya ku Lilongwe yolipira ogulitsa katundu a ku Johannesburg ikukhudzidwa ndi makalendala awiri. Ku South Africa tchuthi chimasunthira Lolemba chikagwa Lamulungu lokha, osati Loweruka, choncho pa 28 Disembala 2026 kumeneko ndi tsiku la ntchito pamene kuno anthu akupuma. Komanso iwo amapuma pa 16 Disembala, ife tikugwira ntchito. Ntchito yofuna kuti mabanki a mbali zonse akhale otsegula iyenera kuphatikiza mindandanda yonse iwiri. Ngakhale mapeto a sabata sali ofanana kulikonse: ku Saudi Arabia amapuma Lachisanu ndi Loweruka, ndipo dziko la United Arab Emirates linasintha mu Januwale 2022 n'kuyamba kupuma Loweruka ndi Lamulungu.

Kalendala imatha mwakachetechete

Vuto lofala kuposa onse silichokera m'masamu. Munthu amalemba matchuthi a chaka chino, zonse n'kuyenda bwino miyezi khumi ndi iwiri, mwina iye n'kusiya ntchito pakati pa chaka. Pa 1 Januwale 2027, lomwe ndi Lachisanu, pulogalamu imayang'ana m'fayilo, sipeza tsikulo, n'kuganiza kuti ndi la ntchito. Kwa iyo, fayilo yopanda madeti a 2027 ikutanthauza kuti chakacho chilibe tchuthi. Imatero pa 15 Januwale, imateronso pa 3 Malichi, mpaka wina adabwe chifukwa chimene makasitomala akulandirira mauthenga a ngongole pa tsiku la Chilembwe, kapena chifukwa chimene chilango cha kuchedwa kulipira chikuwerengedwa pa masiku amene banki inali yotseka.

Chitetezo chake ndi mizere yochepa. Pulogalamu ikadzuka, iyambe yaona ngati m'fayilo muli deti lililonse la chaka chino. Ngati mulibe, iime ndipo itumize uthenga kwa munthu, m'malo mongoganizira. Ndi bwinonso kuti kuyambira Novembala izichenjeza ngati madeti a chaka chamawa sanalowe, popeza kuwerengera masiku a ntchito kumapeto kwa Disembala kumalowerera kale mu Januwale.

Kudumpha nakonso kuzisiya umboni. Ntchito imene yapuma mwadala ndi ntchito imene yafa zimaoneka chimodzimodzi: palibe lipoti, palibe fayilo. Mzere umodzi m'kaundula wonena kuti pa 6 Julayi ntchito yadumphidwa chifukwa cha tchuthi umathandiza kusiyanitsa ziwirizi. Tsiku likadutsa popanda mzere wa “ndagwira” kapena wa “ndadumpha”, pamenepo ndiye pali vuto lofunika kudzutsa munthu.

Ndipo zonsezi zikhoza kuyesedwa osadikira Khirisimasi. Wolemba pulogalamu aipange kuti izitha kulandira deti longoyerekeza, kenako aiyendetse pa masiku onse a chaka popanda kutumiza kanthu, n'kusindikiza masiku khumi ndi awiri amene ikadatumiza malipiro. Pepala limenelo lipite kwa a ku ofesi ya malipiro, ayerekeze ndi kalendala yawo ya pakhoma. Ngati pa mzere wa Disembala 2026 sipakutuluka 22, pali cholakwika, ndipo chapezeka anthu asanavutike nacho.

Ngati ku ntchito kwanu kuli zinthu zimene kompyuta imayendetsa yokha, funsani mafunso atatu sabata ino. Mndandanda wa tchuthi uli kuti ndipo ukuthera chaka chiti? Tsiku likagwa pa tchuthi, ntchito iliyonse imadumpha, imabwerera m'mbuyo kapena imapita kutsogolo? Nanga boma likalengeza tchuthi madzulo ano, ndani amene ali ndi udindo wolowetsa tsikulo usiku womwe uno? Funso lachitatuli likasowa dzina la munthu, mupezeni munthuyo musanakonze china chilichonse.